Akufuna ndilembe salale mu imelo yoyamba yofunsira ntchito, ndiwayankhe bwanji?

"Moni. Ndaona ntchito ina yomwe ndikuifuna kwambiri, koma pa chilengezo alemba kuti potumiza imelo tinene salale yomwe tikulandira panopa komanso yomwe tikuyembekezera. Komwe ndili amandipatsa zochepa zedi poyerekeza ndi ntchito yomwe ndimagwira. Ndikanena zoona ndikuopa andipondereza, ndikatchula yaikulu ndikuopa sandiitana ku intavyu, ndikangokhala chete mwina ataya kalata yanga. Nditani? Ndine mayi, ndagwira ntchito zaka zisanu."

Achemwali, pamenepa akufunsani mafunso awiri osiyana koma awaika pamzere umodzi, ndiye anthu ambiri amawayankha ngati ndi funso limodzi. Loti mukuyembekezera zingati ndi funso labwinobwino, liyankheni ndithu, ndipo muike manambala. Loti mukulandira zingati panopa lilekeni kaye, pokhapokha atakukakamizani, ndipo akakukakamizani pali kayankhidwe kake. Imelo yanu ikhale ndi nambala yoyang'ana kutsogolo, ya kumbuyo ikhale m'thumba.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe amafunsira, chifukwa mukachidziwa mantha amachepa. Munthu amene amatsegula maimelo oyambawa nthawi zambiri si bwana amene mudzagwire naye ntchito, ndi wa ku ofesi yolemba anthu, ali ndi makalata mulu ndipo wapatsidwa bajeti, amuuza kuti mpando uwu tilipira kuyambira apa kufika apa. Ntchito yake pa siteji imeneyi ndi kusefa. Sakufuna kuitana munthu ku maintavyu awiri atatu, kutayitsa nthawi mabwana, kenako pamapeto munthuyo nkutchula ndalama yoposa bajeti kawiri. Funso la zomwe mukuyembekezera limamuthandiza pamenepo, ndipo kunena zoona limakuthandizaninso inu, chifukwa nanunso simukufuna kupempha tchuthi kuntchito, kukonzekera usiku wonse, kenako nkumva kuti amalipira zochepa kuposa komwe muli.

Koma salale ya panopa ilibe ntchito pa kusefaku. Ngati wadziwa kale kuti mukufuna zingati, wadziwa ngati mukukwana mu bajeti kapena ayi, basi nkhani yatha. Nambala ya komwe muli imamuthandiza chinthu chimodzi chokha, kudziwa kuti angakupatseni zochepa bwanji inu nkuvomerabe. Zili ngati wogula amene akufunsa wogulitsa kuti katunduyu munapikula zingati, sakufunsa pofuna kucheza ayi. Makampani ambiri amangotenga salale yakale nkuwonjezapo kapelesenti, mwina 10 kapena 15, nkunena kuti takukwezerani. Kwa munthu amene amalipidwa bwino kale sizopweteka kwenikweni, koma kwa inu amene mukudziwa kuti amakupatsani zochepa, ndiye kuti kuponderezedwa kwa kampani yakale mwakunyamula nkupita nako ku kampani yatsopano, ndipo zokweza zonse za m'tsogolo, bonasi, penshoni, zidzawerengedwa kuchokera pa nambala yotsikayo.

Palinso china chomwe chimachitika m'mutu mwa munthu ngakhale asakufuna kukuberani. Nambala yoyamba kuiona imakoka maganizo. Akatswiri awiri, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anazionetsa mu 1974, anazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu kenako nkuwafunsa kuti mayiko a mu Afirika ndi mapelesenti angati mwa mamembala a bungwe la United Nations. Omwe gudumu linawaimira pa 10 amayankha cha m'ma 25, omwe linawaimira pa 65 amayankha cha m'ma 45, chonsecho onse amaona ndi maso awo kuti nambala ya gudumuyo ilibe chochita ndi funsolo. Ndiye tangoganizani nambala yomwe mwalemba nokha mu imelo, yoti ikukhudzana ndi nkhaniyo mwachindunji, idzakoka bwanji. Nchifukwa chake ndikuti nambala yoyamba yomwe aone kuchokera kwa inu ikhale yomwe mukufuna kuti zokambirana ziyambirepo.

Musaganize kuti kusatchula salale yakale ndi mwano kapena chinthu chachilendo. M'madera ena funsoli analiletsa ndi lamulo. Ku Amereka, Massachusetts inakhazikitsa lamulo lotere mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2018, mzinda wa New York unaletsa mu 2017, California mu 2018. Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya nawonso unavomereza lamulo mu 2023 loletsa olemba ntchito kufunsa za malipiro akale komanso lowalamula kuti azinena okha malipiro a ntchitoyo intavyu isanachitike, ndipo mayiko anapatsidwa mpaka Juni 2026 kuti aliike m'malamulo awo. Chifukwa chachikulu chinali chomwechi chanuchi, kuti amayi ndi ena omwe anayamba ndi malipiro otsika amangotsalira moyo wonse ngati ntchito iliyonse yatsopano ikuyezera pa yakale. M'mayiko ambiri lamulo lotere kulibe, ndiye fufuzani za komwe kuli kampaniyo, koma ngakhale kulibe, kufunsa kwawo sikukukakamizani kuyankha. Chomwe angachite ndi kusakuitanani basi, ndipo chiopsezo chimenecho timachichepetsa powapatsa chomwe akufunadi, nambala yosefera.

Tsopano nambalayo muipeza bwanji. Simunandiuze ziwerengero zanu ndiye ndipeka zanga, zopanda dzina la ndalama, inu muikemo zanu. Tinene kuti pa peyisilipi yanu salale ndi 800 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Anthu ambiri akafunsidwa amangoti ndimalandira 800, kapenanso amatchula yomwe imalowa ku banki, yomwe ndi yocheperapo. Koma kampani simakulipirani 800 yokha. Tinene kuti mumalandiranso alawansi ya mayendedwe ya 100 pamwezi, amakulipirirani inshulansi ya chipatala ya 60, amakuikirani ku penshoni 10 pelesenti ya salale yomwe ndi 80, ndipo kumapeto kwa chaka pamakhala bonasi yofanana ndi salale ya mwezi umodzi, yomwe mukaigawa pa miyezi 12 ndi pafupifupi 67. Mukaphatikiza zonse mupeza 1,107 pamwezi, kapena 13,280 pachaka. Imeneyo ndiye nambala yeniyeni ya komwe muli.

Onani tsopano chomwe chimachitika mukangolemba 800. Akuwonjezerani 15 pelesenti, akupatsani 920, inu nkusangalala kuti salale yakwera ndi 120. Koma ngati kumeneko kulibe alawansi, kulibe inshulansi, kulibe bonasi, ndipo 920 yomweyo ndiye zonse, mwatsika ndi 187 mwezi uliwonse, ndipo mudzazindikira mutasiya kale ntchito yakale. Masamu amenewa muwachite pa pepala musanalembe chilichonse, ngakhale simudzawatumiza kwa munthu, chifukwa ndi amene akupatseni malire a pansi.

Chachiwiri ndi kudziwa kuti ntchito imeneyi ena amalipira zingati. Apa musayang'ane dzina la udindo lokha, chifukwa dzina limodzi lomwelo kampani ina ndi munthu woyang'anira anthu khumi pomwe kampani ina ndi munthu mmodzi wopanda womuthandiza. Yang'anani zochita zomwe alemba, zaka zomwe akufuna, kukula kwa kampani, ndi mzinda womwe ntchitoyo ili. Pezani zilengezo zina za ntchito yofanana zomwe zaika malipiro, funsani anthu awiri atatu omwe ali m'ntchito yomweyo, ndipo powafunsa musati mumalandira zingati, ambiri amachita manyazi kapena amanama, koma muziti munthu wa zaka zisanu pa ntchito yotere masiku ano akumamupatsa zingati. Funso limeneli anthu amayankha momasuka. Masamba a pa intaneti omwe anthu amalembapo malipiro awo amathandizako, koma samalani, nthawi zina nambala yomwe mukuiona yachokera kwa anthu atatu okha kapena ndi ya zaka zinayi zapitazo mitengo isanakwere.

Tinene kuti mwapeza chilengezo china chalemba 1,100 mpaka 1,400, china 1,200 mpaka 1,500, ndipo mnzanu wina wakuuzani kuti kwawo munthu wotere amayambira pa 1,250. Ndiye mwaona kuti msika uli pakati pa 1,100 ndi 1,500, ndipo inu ndi zaka zanu zisanu simuli pansi penipeni. Tsopano dzifunseni moona mtima, ndi ndalama iti yomwe atandipatsa yocheperapo ndingakane nkukhalabe komwe ndili? Tinene kuti ndi 1,200, chifukwa kusamuka ntchito kuli ndi chiopsezo chake, mukayambiranso pulobeshoni, simukuwadziwa mabwana, ndiye kusuntha chifukwa cha 1,120 sikungakupindulireni. 1,200 imeneyo ndi yanu ya mumtima, simuilemba paliponse.

Mu imelo mulemba 1,300 mpaka 1,500. Chifukwa chake ndi ichi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa: mukapereka manambala awiri, inu maso anu amakhala pa yapamwamba koma olemba ntchito amamva yapansi. Mukalemba 1,200 mpaka 1,500 mwawauza kuti 1,200 ndivomera, ndipo mwina ayesa kaye 1,150 kuti aone. Choncho nambala yapansi ya mu imelo ikhale yoti atakupatsani yomweyo ndendende mukhala wosangalala, osati yongopirira, ndipo ikhale pamwamba pang'ono pa malire anu enieni kuti akatsitsa mukhale ndi potsikira. Yapamwamba isapitirire zomwe mwaona pamsika. Komanso manambala awiriwo asatalikirane kwambiri, kusiyana kwa 15 kapena 20 pelesenti nkokwanira. Munthu akalemba 900 mpaka 1,800 amaoneka kuti sakudziwa mtengo wa ntchito yake, ndipo wanena kale kuti 900 ndi yotheka.

Ena amalangiza kuti musatchule nambala iliyonse, muzingoti tidzakambirana. Langizo limeneli ndi labwino pamene sanakufunseni, kapena pamene iwo ndi amene akusakani. Ngati chilengezo sichinatchule za salale, inunso musaiyambitse mu imelo yoyamba. Koma apa akufunsani polemba, ndipo muli pa mzere ndi anthu ena ambiri omwe ayankha. Kungodumpha funso osanenapo kanthu kumaoneka ngati simunawerenge chilengezo, ndipo kwa munthu wosefa makalata mulu chimenecho ndi chifukwa chophweka chokuikirani pambali. Kulemba kuti zokambirana basi nakonso sikumuthandiza, amakhala ngati sanafunse. Ine ndimaona kuti pa imelo yoyamba yoti akufunsani, manambala awiri oganiziridwa bwino amaposa kukhala chete.

Kalembedwe kake tsopano. Nkhani ya ndalama isakhale pamwamba pa imelo, isakhalenso pa mutu wa imelo. Yambani ndi ntchito yomwe mukufunsira, kenako mizere itatu inayi ya zomwe mwachita zogwirizana ndi zomwe akufuna, ndiye ndalama ibwere chakumapeto musanatsanzike, kuti akamafika pa nambala akhale ataona kale chomwe akugula. Ikhale ziganizo ziwiri kapena zitatu, mwachitsanzo:

"Pa nkhani ya malipiro, potengera udindo womwe mwafotokoza komanso zomwe ntchito zofanana nayo zikulipira panopa, ndikuyembekezera pakati pa 1,300 ndi 1,500 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Ndine wokonzeka kukambirana ndikadziwa zambiri za ntchitoyi ndi zina zomwe mumapereka pambali pa salale. Ngati muli ndi mlingo womwe munaika kale pa udindowu ndingakondwe kuudziwa."

Muilembe m'chilankhulo chomwe chilengezo chinalembedwa, koma zigawo zake zikhale zomwezi. Mwaonetsa kuti nambala yachokera pa ntchito ndi pamsika, osati pa zosowa zanu. Mwanena kuti ndi pamwezi. Mwanena kuti msonkho usanachotsedwe. Mwasiya khomo lotsegula, ndipo mwabweza funso kwa iwo mwaulemu. Za salale ya panopa simunanene kanthu, ndipo nthawi zambiri safunsanso chifukwa chomwe amafuna achipeza.

Zoti pamwezi ndi zoti msonkho usanachotsedwe musazione ngati zazing'ono. Olemba ntchito akaona nambala yopanda kufotokoza amaiwerenga ngati gulosi, ndalama yonse msonkho usanachotsedwe, pomwe anthu ambiri m'mutu mwawo amaganiza za neti, ndalama yomwe imafika m'manja. Tinene kuti msonkho ndi zodula zina zimatenga 25 pelesenti. Inu mwalemba 1,300 mukutanthauza yofika m'manja, iwo akupatsani 1,300 ya gulosi, ku banki kulowa 975, mwataya 325 mwezi uliwonse chifukwa cha mawu awiri omwe simunalembe. Kuti mulandire 1,300 m'manja mumafunika kupempha pafupifupi 1,733. Ine ndimati nthawi zonse lembani gulosi, chifukwa ndi yomwe ili mu bajeti yawo komanso ndi yomwe idzalembedwe mu kontirakiti, neti imasintha malinga ndi msonkho, ngongole ndi zina zanu zomwe iwo sakuzidziwa. Onaninso ngati kampaniyo imawerenga pachaka, ngati ndi choncho lembani 15,600 mpaka 18,000 pachaka, ndipo ngati ili dziko lina kapena imalipira ndalama ya dziko lina tchulani kuti ndi ndalama iti.

Pali zinthu zomwe musaike m'ndime imeneyi. Musapepese, zoti pepani ngati ndatchula zambiri zimangowauza kuti nanunso simukukhulupirira nambala yanu. Musafotokoze za lendi, fizi ya ana kapena ngongole, zimenezo ndi zoona koma kampani simalipira munthu potengera mavuto ake, ndipo mukaonetsa kuti mwapanikizika ndiye mwawauza kuti muvomera chilichonse. Musadandaulenso za abwana anu kuti amakulipirani zochepa, wowerengayo sakukudziwani, angoganiza kuti mawa mudzamunenanso iye. Ndipo mawu oti chilichonse chomwe mungandipatse ndilandira, amenewo ayi ndithu, ngakhale mukuifuna ntchitoyo motani.

Nanga chilengezo chikalemba mwamphamvu, kuti makalata opanda salale ya panopa sitidzawaona? Apa ndiye muyeze nokha kuti ntchitoyo mukuifuna bwanji, chifukwa njira zilipo ziwiri ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi kulivomereza funsolo koma osapereka nambala, kuonjezera chiganizo chimodzi choti malipiro anga a panopa ndi a udindo wosiyana ndi uwu choncho sangakhale muyezo wabwino, koma ndine wokonzeka kukambirana tikafika pa siteji ya ofa. Mwaonetsa kuti munawerenga, simunazembe mwakachetechete. Ena avomera, ena akuikani pambali, chimenecho ndi chiopsezo chenicheni ndipo sindikunamizani kuti kulibe. Ngati kontirakiti yanu ili ndi ndime yoletsa kuulula malipiro mutha kunena zimenezo, koma kaiwerengeni kaye, musanene kuti ilipo pomwe palibe.

Yachiwiri ndi kupereka nambala, koma yonse, ndi kuimangirira pomwepo ku zomwe mukufuna. Osati 800 yokhayokha, koma motere:

"Panopa malipiro anga onse, kuphatikiza salale, alawansi, inshulansi ya chipatala, penshoni ndi bonasi, ndi pafupifupi 1,100 pamwezi. Udindo womwe mwalengezawu ndi waukulu kuposa womwe ndili nawo, choncho ndikuyembekezera pakati pa 1,300 ndi 1,500 pamwezi msonkho usanachotsedwe."

Palibe bodza pamenepa, mwanena poyera kuti mwaphatikiza chiyani, ndipo atakufunsani mutha kuonetsa chilichonse pa pepala. Koma taonani kusiyana kwake. Kuchoka pa 800 kufika pa 1,300 kumaoneka ngati mukupempha kukwezedwa ndi 62 pelesenti, wowerenga amadzidzimuka. Kuchoka pa 1,100 kufika pa 1,300 ndi 18 pelesenti, chinthu chomwe amachiona tsiku lililonse. Chiganizo choti udindowu ndi waukulu muchilembe ngati ndi zoona, ngati ntchito ndi yofanana nenani kuti potengera zomwe msika ukulipira panopa. Chenjezo limodzi, mukasankha njira imeneyi dziwani kuti pa ofa ena adzafuna kuyerekeza zonse ndi zonse, adzakuuzani kuti 1,300 yathu ikuphatikiza alawansi ndi inshulansi. Ndiye mudzafunse kuti salale yeniyeni ndi zingati ndipo zinazo ndi zingati, muone chilichonse pachokha musanavomere.

Kukweza nambala mwabodza, kulemba 1,200 pomwe peyisilipi ikunena 800, musayese. Makampani ena amapempha mapeyisilipi a miyezi itatu yapitayi asanakupatseni kontirakiti, ena amafunsa kwa abwana akale, ndipo mafomu ambiri ofunsira ntchito amakhala ndi malo osainira kuti zonse ndalembazi ndi zoona. Imelo simafufutika, imakhala mu failo yanu. Bodza likapezeka ofa amaibweza, ndipo likapezeka mutayamba kale ntchito lingakhale chifukwa chokuchotserani, nthawi imeneyo kwakale munatsanzika kale. Kukana kunena ndi ufulu wanu ndipo palibe angakuimbeni mlandu, koma kunena zabodza ndi nkhani ina.

Nthawi zina imelo imakutumizani ku fomu ya pa intaneti yomwe ili ndi kabokosi kolandira manambala okha, osalola mawu, ndipo simungapitirire osadzaza. Pa kabokosi ka zomwe mukuyembekezera ikani nambala imodzi ya pakati kapena chakumtunda kwa manambala anu, kwa ife apa 1,400, osati yapansi, chifukwa palibe malo ofotokozera kuti ndi poyambira chabe. Ena amaika 0 kapena 1 pofuna kuzemba. Pa kabokosi ka salale ya panopa zimenezo zimatheka, wowerenga amamva kuti simunafune kunena, makamaka mukafotokoza mu kalata yanu. Koma pa ka zomwe mukuyembekezera 0 ndi yoopsa, ngati akusanja makalata potengera nambala imeneyo mungagwere kunja kwa mndandanda munthu asanaone nkomwe dzina lanu. Ndipo werengani bwino ngati kabokosiko kakufuna ya pamwezi kapena ya pachaka, kuika 1,400 pomwe akufuna ya pachaka kumaoneka ngati nthabwala.

Zonse ndanenazi zimasintha pang'ono malinga ndi yemwe akulemba ntchito. M'boma ndi m'mabungwe akuluakulu malipiro amakhala pa magiredi, udindo uliwonse uli ndi giredi yake ndipo giredi ili ndi masitepe, wolemba ntchito sangatuluke kunja kwa zimenezo ngakhale atakukondani. Kumeneko fufuzani giredi ya udindowo nkulemba kuti ndikuyembekezera malipiro a giredi imeneyi, pa sitepe yogwirizana ndi zaka zanga zisanu, chifukwa chokambirana ndi sitepe yoyambira basi. Ngati chilengezo chaika kale mlingo wa malipiro, musavutike nkupeka wanu, lozani mbali ya mlingo wawo yomwe mukuyenera, monga theka lapamwamba, nkupereka chifukwa chimodzi. Ngati imelo ikupita kwa ejenti wopezera makampani antchito, kumbukirani kuti amalipidwa ndi kampaniyo, kawirikawiri pelesenti ya salale yanu ya chaka choyamba, ndiye salale yanu ikakwera nayenso amapindula, koma chomwe amafuna kwambiri ndi choti mpando udzazidwe msanga. Mufunseni bajeti mosapita m'mbali, ambiri amanena, koma malire anu a mumtima aja musamuuze, chifukwa chomwe mwamuuza iye chafika kale ku kampani.

Mudzadziwa bwanji ngati nambala yanu yalakwika? Akakuimbirani mwachangu nkuvomera yapamwamba yanu osatsitsa ngakhale pang'ono, mwina munali pansi pa bajeti yawo. Sizinathe pamenepo, mawu aja oti ndikadziwa zambiri za ntchitoyi ndi omwe amakupatsani mpata, ngati pa intavyu mwamva kuti mudzayang'aniranso anthu kapena mudzayenda maulendo zomwe chilengezo sichinanene, mutha kunena kuti potengera zimenezi ndikuona kuti 1,600 ndi yoyenera. Koma pakhale chifukwa chatsopano chenicheni, kungosintha nambala popanda chifukwa kumaononga chikhulupiriro. Kumbali inayo, kampani imodzi ikapanda kuyankha musathamangire kunena kuti ndinatchula zambiri, makalata amakanidwa pa zifukwa zambirimbiri. Mukaona kuti makampani angapo akuuzani okha kuti mwaposa bajeti yathu, pamenepo ndiye bwererani ku kafukufuku wanu, mwina munayerekeza ndi makampani aakulu kuposa omwe mukufunsirako.

Ndipo akakuyankhani imelo nkunena kuti zikomo taona zomwe mukuyembekezera koma tikufunabe salale ya panopa, musachite mantha, kuyankha kwawoko kukusonyeza kuti kalata yanu yadutsa kusefa koyamba, munthu sataya nthawi kulembera yemwe sakumufuna. Ayankheni tsiku lomwelo kapena lotsatira, mwachidule, mufunse kaye ngati 1,300 mpaka 1,500 ikukwana mu bajeti yawo. Akati ikukwana, mutha kunena kuti ndiye tiyeni tipitirire pamenepo. Akaumirirabe ndipo ntchitoyo mukuifuna, apatseni ya 1,100 ija ndi zonse zomwe zili m'kati mwake, ndipo mu imelo yomweyo mubwerezenso manambala anu awiri.